Magazi Oundana ndi Kutayika Nthawi Imodzi: Mafunso ndi Mayankho Okhudza DIC

Pali vuto lina la magazi lomwe madokotala amalemba ndi zilembo zitatu zokha, DIC, m'buku la kuchipatala la wodwala, koma achibale salimva kawirikawiri pamene akuuzidwa chomwe chachitika, popeza amangouzidwa kuti wodwalayo wataya magazi ambiri. Vutoli limaoneka ngati likudzitsutsa, chifukwa magazi amaundana m'timitsempha ting'onoting'ono ta thupi lonse pa nthawi yomweyomweyo imene akukanika kuundana pabala. Mafunso ali m'munsiwa akuyankhidwa poganizira dera la Dwangwa, m'boma la Nkhotakota, komwe malungo, uchembere wovuta, ngozi za pamsewu wa M5 ndi njoka za m'minda zimakumana ndi mtunda wautali wopita kuchipatala chachikulu.

Kodi DIC ndi chiyani?

Zilembozi zikuimira mawu a Chingerezi omwe tanthauzo lake ndi kuundana kwa magazi kofalikira mkati mwa mitsempha. Mwa munthu wabwinobwino, magazi amaundana pamalo pokha pomwe mtsempha wang'ambika, ndipo zinthu ziwiri ndizo zimagwira ntchito yaikulu. Choyamba ndi mapuleteleti, tizidutswa ting'onoting'ono toyandama m'magazi tomwe timathamangira pabala n'kumatirira, ndipo timakhala pakati pa 150,000 ndi 400,000 mu mayikulolita imodzi, yomwe ndi kadontho kochepetsetsa. Chachiwiri ndi faibulinojeni, puloteni yopangidwa m'chiwindi, yomwe imasandulika timaulusi totchedwa faibulini tomwe timalukana ngati ukonde n'kukola mapuleteleti ndi maselo ofiira, mpaka mbulu wolimba upangike. Chosandutsa faibulinojeni kukhala ulusi ndi puloteni ina yotchedwa thirombini. Munthu akagwidwa ndi DIC, thirombini imapangika yochuluka kwambiri ndipo siikhalanso pamalo amodzi, koma imayenda ndi magazi n'kumaluka timibulu paliponse pomwe yafika, ngakhale m'mitsempha yosavulala.

Zingatheke bwanji kuti magazi aziundana ndi kutayika nthawi imodzi?

Yankho lagona pa kuchuluka kwa zipangizo zomwe thupi lili nazo. Munthu wodziwa minda ya nzimbe ya ku Dwangwa angayerekeze ndi matumba a mchenga omwe asungidwa kuti atsekere pomwe ngalande yothirira yagumuka. Matumbawo atati aponyedwe mwachisawawa m'timingalande tonse, madzi sangafikenso kumizere ya nzimbe, ndipo ngalande yaikulu ikadzagumuka zenizeni, m'nkhokwe simudzapezeka thumba ngakhale limodzi. Momwemonso, timibulu tikatseka timitsempha ta impso, mapapo, ubongo ndi khungu, ziwalozo zimasowa mpweya n'kuyamba kufooka, pomwe mapuleteleti ndi faibulinojeni zimatha mofulumira kuposa momwe mafupa ndi chiwindi zingabwezeretsere. Kuundana ndi kutayika kwa magaziku choncho si mavuto awiri osiyana: kuundanako ndiko kumadya zipangizo, ndipo kusowa kwa zipangizo ndiko kumabweretsa kutaya magazi.

Chifanizo cha matumba sichikwanira pa mfundo imodzi. Thupi likaona kuti mitsempha yatsekeka limatulutsa pulazimini, puloteni yosungunula mibulu, ndipo pulazimini siisiyanitsa mbulu woipa wa mu impso ndi mbulu wabwino wotseka bala. Kuwonjezera apo, zinyenyeswa za faibulini wosungunukayo zimasokoneza mapuleteleti otsala ndi kulepheretsa ulusi watsopano kulukana bwino. Zoletsa zachilengedwe zomwe zimaimitsa thirombini, monga antithirombini ndi puloteni C, nazonso zimatha m'chipwirikiti chomwecho, kotero kuti palibenso chobweza kuundanako. Mbali yomwe ikuoneka kwambiri mwa wodwala imadalira chomwe chayambitsa vutolo: pa uchembere, kutaya magazi ndiko kumatsogola, pomwe pa matenda a tizilombo tolowa m'magazi, kutsekeka kwa timitsempha ndi kufooka kwa ziwalo ndiko kumapha anthu ambiri, nthawi zina popanda magazi ooneka ndi maso.

Kodi ndi matenda a kumtundu, opatsirana, kapena ochita kulodzedwa?

Si chimodzi mwa zitatuzi. DIC siyamba yokha ndipo nthawi zonse imakhala chotsatira cha vuto lina lalikulu lomwe lagwera thupi. Imasiyana ndi himofiliya, matenda obadwa nawo omwe munthu amasowa puloteni imodzi youndanitsa magazi moyo wake wonse, ndipo imasiyananso ndi kuchepa kwa magazi komwe amayi amalandirira mapiritsi a ayironi kusikelo, chifukwa kumeneko kumakhudza maselo ofiira osati kuundana. Magazi otuluka m'nkhama, m'mphuno ndi pobayidwa jakisoni amaopsa anthu mpaka kuganiza za ufiti, koma maola omwe banja limataya likukambirana zimenezi ndi omwe faibulinojeni yotsala ikutha.

Nanga zoyambitsa zofala ndi ziti m'dera ngati la Dwangwa?

Zoyambitsa zonse zimafanana pa chinthu chimodzi, chomwe ndi kulowetsa m'magazi puloteni yotchedwa tishu fakita, imene mwachibadwa imakhala kuseri kwa khoma la mtsempha ndipo imakumana ndi magazi pokhapokha khomalo likang'ambika. Padziko lonse, chofala kwambiri ndi sepisisi, kutanthauza kufalikira kwa tizilombo ndi poizoni wake m'thupi kuchokera ku chibayo, matenda oumitsa khosi, matumbo obooka kapena chiberekero chomwe chalowa tizilombo mayi atabereka kapena atapita padera. Apa maselo oyera ndiwo amayamba kutulutsa tishu fakita mkati mwa mitsempha. Gulu lachiwiri ndi la uchembere: nsengwa kumatuka mwana asanabadwe, kutaya magazi kwambiri pobereka, kuthamanga kwa magazi koopsa komwe kumaononga chiwindi ndi mapuleteleti, madzi a m'chiberekero kulowa m'mitsempha ya mayi, ndi mwana wofera m'mimba kukhalamo masabata angapo. Gulu lachitatu ndi kuvulala koopsa, makamaka kwa mutu, popeza ubongo uli ndi tishu fakita yambiri, komanso kuphwanyika kwa minofu ndi kupsa ndi moto. Khansa ina, monga ya kapamba, ya m'mimba ndi ya pulositeti, imabweretsa DIC yoyenda pang'onopang'ono kwa miyezi, pomwe mtundu umodzi wa khansa ya m'magazi umaibweretsa mwadzidzidzi ndi kutaya magazi koopsa. Kuikidwa magazi a gulu lolakwika nakonso kungayambitse vutoli, ndipo n'chifukwa chake thumba lililonse limayesedwa ndi magazi a wodwala lisanapachikidwe.

Kodi vutoli limayenda bwanji nsengwa ikamatuka?

Apa ndi pomwe DIC imaoneka bwino kwambiri, ndipo madokotala anazindikira kale: mu 1901, Joseph DeLee wa ku Chicago analemba za mayi amene anamwalira chifukwa magazi ake anakana kuundana nsengwa itamatuka. Nsengwa, yomwe ndi chiwalo chodyetsa mwana m'mimba, ili ndi tishu fakita yochuluka, ndipo kumapeto kwa mimba magazi opitirira theka la lita amadutsa m'chiberekero mphindi iliyonse.

Chitsanzo choyerekeza chingakhale cha mayi wolemera makilogalamu 60, wa mimba ya masabata 35, amene anapezeka ndi bipi yokwera kusikelo. Cha m'ma 2 koloko usiku wamva kupweteka kwa m'mimba kosalekeza, kosiyana ndi kwa matenda a kubereka komwe kumabwera n'kupita, ndipo kumusi kwatuluka magazi akuda osadzaza n'kapu yomwe. Achibale aona kuti magaziwo ndi ochepa ndipo agwirizana zodikira kuti kuche. Koma kuseri kwa nsengwa magazi akuunjikana mosaoneka, ndipo pamene nsengwa yamatuka kwambiri mpaka mwana kufa, magazi obisikawo angapitirire malita 2. Mbulu waukuluwo ukudya faibulinojeni, pomwe chiberekero cholimba chikukankhira tishu fakita m'mitsempha ya mayi.

Pofika kuchipatala chaching'ono cha m'ma 6 koloko m'mawa, mzamba apeza mimba yolimba ngati thabwa, mtima wa mwana sukumveka, mtima wa mayi ukugunda ka 124 pa mphindi, ndipo bipi yake ndi 110/70. Nambala yomalizayi ndi msampha, chifukwa kwa mayi amene bipi yake inali 160 dzulo, 110 ikutanthauza kuti yagwa kwambiri. Mzamba wodziwa amayerekeza kugunda kwa mtima ndi nambala yapamwamba ya bipi, ndipo kugundako kukaposa nambalayo amadziwa kuti magazi otayika ndi ambiri kuposa omwe ali pachitenje. Pomwe abaya kanyula payamba kuchucha magazi opyapyala osauma, ndipo mkodzo m'thumba sukufika mamililita 30 pa ola, chizindikiro chakuti impso zikusowa magazi. Faibulinojeni itayezedwa ingapezeke pa magalamu 1.5 pa lita, ndipo apanso pali msampha: mwa munthu wamba mulingo ndi magalamu 2 mpaka 4, koma kumapeto kwa mimba umakwera kufika 4 mpaka 6, kotero kuti mayi wotaya magazi amene watsika pansi pa 2 ali kale pangozi yaikulu.

Chomwe chingaimitse zonsezi ndi kutulutsa mwana ndi nsengwa. Ngati khomo la chiberekero latseguka, nembanemba ya madzi imabooledwa ndipo okisitosini amaikidwa m'diripi kuti mayi abereke mwachibadwa, popeza kucheka munthu amene magazi ake sakuundana n'koopsa. Koma ngati kubereka kuli kutali ndipo magazi akutayika kwambiri, opaleshoni imachitika uku magazi akuikidwa. Ngozi siithera pa kubereka, chifukwa chiberekero chomwe minofu yake yalowa magazi chimavuta kunyala, ndipo mayiyu angatayenso magazi ambiri m'ola loyamba atabereka. Akapulumuka, chiwindi chimabwezeretsa faibulinojeni m'tsiku limodzi kapena awiri, mapuleteleti amatenga masiku angapo, ndipo impso ndizo zimafunika kuyang'aniridwa nthawi yaitali.

M'chitsanzochi, maola 4 anatayika kunyumba, ndipo kuchokera ku Dwangwa kukafika kuchipatala cha boma ku Nkhotakota pali makilomita opitirira 50. Madzi osefukira a kumapeto kwa Febuluwale 2024, omwe anadula msewu wa M5 m'derali, anaonetsa kuti ngakhale mtunda umenewo suli wodalirika m'nyengo ya dzinja.

Kodi malungo angabweretse DIC?

Angathe, ngakhale kuti chithunzi chake n'chosiyana ndi cha uchembere. Pafupifupi aliyense wodwala malungo aakulu amakhala ndi mapuleteleti otsika, koma zimenezi pazokha si DIC, ndipo kutaya magazi koonekera kumachitika mwa odwala ochepa, makamaka akuluakulu. Chomwe chimachitika kwambiri n'chobisika. Maselo ofiira okhala ndi tizilombo ta malungo amamatirira kukhoma la timitsempha ta mu ubongo, ndipo kafukufuku wa Christopher Moxon ndi anzake pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, wofalitsidwa mu 2013, anaonetsa kuti pamalo pomwe maselowa amatirira, khomalo limataya pogwirira puloteni C, kotero kuti choletsa kuundana chimafooka pamalopo. Mu 2015 gulu lomwelo linalengeza kuti ana odwala malungo a mu ubongo omwe magazi awo anaonetsa DIC ku labotale ankamwalira kwambiri kuposa anzawo, ngakhale sankatuluka magazi paliponse. Kwa dera la m'mbali mwa nyanja, komwe malungo sakata chaka chonse, phunziro lake n'lakuti kusaona magazi si umboni wakuti kuundana kuli bwino. Mankhwala ake ndi a malungo omwewo, jakisoni wa atesuneti woperekedwa msanga.

Nanga munthu wolumidwa ndi njoka amene akutuluka magazi m'nkhama, ali ndi DIC?

Ali ndi vuto lofanana nayo kwambiri, koma akatswiri ambiri masiku ano amalisiyanitsa. Ululu wa nalikukuti, ndi wa njoka ina ya m'mitengo yodziwika m'mabuku kuti bumusilangi, uli ndi mapuloteni omwe amapanga thirombini mwachindunji n'kutha faibulinojeni yonse, koma kawirikawiri popanda kutseka timitsempha ta ziwalo monga zimakhalira pa sepisisi. Choopsa chake ndi kuchedwa kwa zizindikiro, popeza polumidwa sipatupa kwenikweni ndipo magazi angayambe kutuluka patapita tsiku lathunthu, munthu ataganiza kale kuti wapulumuka. Mphiri imatupitsa kwambiri mwendo ndipo ingatsitse mapuleteleti. Mankhwala olimbana ndi ululu wa bumusilangi alipo apadera ndipo amapangidwa ku South Africa, koma a nalikukuti kulibe, kotero wodwalayo amathandizidwa pomuika magazi mpaka ululu utatha mphamvu. Kutema mphini polumidwa kumangotsegula mabala atsopano mwa munthu amene magazi ake saundana.

Achipatala angadziwe bwanji kuti ndi DIC pamalo pomwe palibe labotale yaikulu?

Palibe kuyeza kumodzi komwe kumatsimikizira DIC. Kuzipatala zokhala ndi zida amaphatikiza zinthu zinayi motsatira ndondomeko ya bungwe la akatswiri a kuundana kwa magazi padziko lonse ya mu 2001: kuchuluka kwa mapuleteleti, nthawi yomwe madzi a m'magazi otchedwa pulazima amatenga kuti aundane, mulingo wa faibulinojeni, ndi zinyenyeswa za mibulu zotchedwa di-daima. Chilichonse chimapatsidwa mapointi, ndipo onse pamodzi akafika 5, vutoli limatengedwa kuti laonekera poyera. Kuyeza mobwereza n'kofunika kuposa nambala imodzi, chifukwa mapuleteleti ochoka pa 220,000 kufika pa 120,000 m'maola ochepa akunena zambiri kuposa 120,000 yongoima payokha.

Kuchipatala chaching'ono kuli njira yosafuna makina, yomwe bungwe la WHO limalimbikitsa pa uchembere. Mamililita 2 a magazi a mumtsempha amathiridwa m'kabotolo koyera ndi kouma ka galasi kopanda mankhwala, ndipo kabotoloko kamafumbatidwa m'dzanja kuti katenthe ngati thupi. Pakatha mphindi 4 kamapendekedwa pang'onopang'ono, kenaka mphindi iliyonse, ndipo ngati mbulu sunapangike pofika mphindi 7, kapena wapangika wofewa wosachedwa kuphwanyika, magaziwo sakuundana bwino. Kwa wolumidwa ndi njoka, kabotolo kamasiyidwa osagwedezedwa kwa mphindi 20 kenaka n'kupendekedwa kamodzi. Kabotolo ka pulasitiki kapena kotsukidwa ndi sopo kangasocheretse, chifukwa magazi abwino angachedwe kuundana m'menemo. Njirayi imagwira vuto lomwe lakula kale ndipo ingaphonye loyamba kumene, choncho maso a namwino ndi ofunikabe: magazi ochucha pa kanyula, mikwingwirima yotuluka yokha, timadontho tofiirira m'kamwa ndi mkati mwa zikope, komwe timaoneka bwino kuposa pakhungu lakuda, mkodzo wochepa kapena wamagazi, ndi zala zozizira zoyamba kuda.

Kodi kuika magazi kumachiza DIC?

Sikuchiza, koma kumasunga wodwala wamoyo pamene gwero la vuto likuchotsedwa, kaya ndi kutulutsa nsengwa, kupereka mankhwala opha tizilombo ndi kuchotsa mafinya, kapena kusoka mtsempha wong'ambika. Komanso si magazi aliwonse omwe amathandiza mofanana. Thumba la magazi lomwe lakhala m'firiji pa madigiri 2 mpaka 6 kwa masabata angapo limabwezeretsa maselo ofiira, koma mapuleteleti ake ndi mapuloteni ena oundanitsa amakhala atafooka. Wodwala DIC wotaya magazi amafuna pulazima yowumitsidwa, pafupifupi mamililita 15 pa kilogalamu iliyonse, kutanthauza mamililita 900, kapena matumba 3 mpaka 4, kwa mayi wa m'chitsanzo uja, ndiponso mapuleteleti ngati atsika pansi pa 50,000. Mapuleteleti amasungika masiku 5 okha pa madigiri 20 mpaka 24 akugwedezedwa mosalekeza, ndipo n'chifukwa chake amapezeka makamaka pafupi ndi nthambi za bungwe la Malawi Blood Transfusion Service monga za ku Lilongwe ndi Mzuzu. Komwe zimenezi kulibe, magazi athunthu otengedwa kumene ndi kuyezedwa matenda ndiwo amalowa m'malo. Madiripi a madzi amchere ochuluka mopyola muyeso amasungunula zoundanitsa zotsalazo, ndipo thupi lozizira limaundanitsa magazi mofooka, kotero kufunditsa wodwala paulendo wa ambulansi ndi gawo la chithandizo. Wodwala amene sakutaya magazi ndipo sakupita ku opaleshoni saikidwa pulazima pongofuna kukonza manambala a ku labotale.

Ngati gwero ndi kuundana, bwanji osangopereka mankhwala oletsa kuundana?

Funsoli lavutitsa madokotala kwa zaka zambiri. Hepalini, mankhwala oletsa thirombini, ali ndi malo ake mwa wodwala amene vuto lake lalikulu ndi kutsekeka kwa mitsempha ndipo sakutaya magazi, monga ena odwala khansa, koma kwa mayi wotaya magazi pobereka angamuphe. Mbali inayo kuli taranekisamiki asidi, yomwe imaletsa kusungunuka kwa mibulu. Kafukufuku wamkulu wotchedwa WOMAN, wofalitsidwa mu 2017, anaonetsa kuti galamu 1 yoperekedwa mumtsempha pasanathe maola 3 chiberekereni imachepetsa imfa za kutaya magazi, ndipo mankhwala omwewo amathandiza ovulala pangozi akaperekedwa m'maola 3 oyamba. Koma pa DIC ya sepisisi, pomwe thupi likulephera kale kusungunula timibulu ta mu impso, mankhwalawa salimbikitsidwa. Dzina la vuto ndi limodzi, koma mankhwala opulumutsa wodwala wina angavulaze mnzake, ndipo chotsogolera dokotala ndi chomwe chayambitsa vutolo pamodzi ndi mbali yomwe yakula.

Kodi achibale angachitepo chiyani?

Mbali yawo ndi nthawi ndi magazi. Mayi woyembekezera amene akumva kupweteka kosalekeza, mimba yalimba, kapena watuluka magazi ngakhale ochepa, ayenera kupita naye kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale usiku, ndipo amene anauzidwa kusikelo kuti bipi yake ndi yokwera ndi bwino akadikirire kuchidikiro masiku ake asanakwane. Wodwala wotere asapatsidwe asipulini, bulufeni kapena mankhwala azitsamba ofulumizitsa kubereka. Achipatala auzidwe nthawi yeniyeni yomwe ululu unayamba ndi kuchuluka kwa zitenje zomwe zanyowa, ndipo achibale athanzi omwe angapereke magazi apite nawo limodzi pa ulendo woyamba womwewo, osati kudikira kuitanidwa mawa lake.